Wamoyo, Wathanzi, Koma Sakuyankha

Kale munthu akasowa tinkayamba kufunsa kwa abale ake, kenako kuchipatala, ndipo zikavuta tinkapita kupolisi mtima uli m'mwamba. Lero munthu amasowa ali pompo. Foni yake ili ndi moto, bandulo ilimo, m'mawa uno waika chithunzi akudya chipisi ku Ginnery Corner, koma uthenga wanu wa Lachiwiri sanauyankhe mpaka pano. Achinyamata a m'tauni, amene salola khalidwe lililonse kuyenda lopanda dzina, amati zimenezi ndi ghosting.

Mawuwa anachokera ku dzina lachingerezi la mzukwa. Amanena za kudula kulankhulana konse ndi munthu amene munali naye pachibwenzi kapena paubwenzi, mwadzidzidzi, osatsanzika, osapereka chifukwa, ndipo akakufunani osayankhanso. Anatchuka kwambiri cha mu 2015, ndipo mu 2017 dikishonale ya Merriam-Webster inalemba tanthauzo limeneli. Zikuoneka kuti mizukwa ya azungu ndi yaulemu, imangozimiririka. Yathu kuno imadziwika ndi kubwerabwera usiku osaitanidwa, koma tisatsutsane ndi eni mawu.

Si chete aliyense amene akuyenera dzinali. Bambo amene walemba "Hi" katatu kwa mtsikana wosamudziwa pa Facebook, ndi kuwonjezera "Hi dear" tsiku lachinayi, asamadandaule kuti amuchita ghosting. Sanamuyankhe basi. Kuti dzinali ligwire, payenera kukhala kuti panali kanthu pakati panu, kuti winayo wakhala chete mwadala, ndiponso kuti sanasiye ngakhale liwu limodzi loti mugwirepo.

Tiyerekeze ndi mtsikana wina woluka tsitsi pasaluni ku Ndirande. Anakumana ndi mnyamata wogwira ntchito ku Limbe m'gulu la WhatsApp la komiti ya ukwati wa mnzawo. Mnyamatayo anaba nambala m'gulumo, monga mwa mwambo, ndipo kwa miyezi iwiri anali wakhama kuposa tambala. Isanakwane faifi koloko m'mawa uthenga wafika: "Wadzuka bwanji bebi?" Masana: "Wadya?" Madzulo: "Wadya chiyani?" Mtsikanayo chibadwire anali asanaonepo munthu wodera nkhawa m'mimba mwake chonchi. Kenako mauthenga anayamba kuonda. Funso la mizere isanu linkayankhidwa ndi "Ok". Patapita masiku, "Ok" uja anatha chilembo chimodzi n'kutsala "K". Lachiwiri lina ngakhale "K" sanabwere.

Apa m'pamene saluni imasanduka bwalo la milandu. Foni imayenda kuchoka m'manja mwa woluka kupita kwa wolukidwa, mpaka kwa mayi wogulitsa mandasi amene wangoima pakhomo, ndipo aliyense amawerenga timatiki tija ngati sing'anga woombeza.

Kuwerengako kuli ndi malamulo ake. Katiki kamodzi kotuwa kamasonyeza kuti uthenga wachoka m'foni mwanu koma sunafike m'foni mwake. Apa munthu akadali ndi loya: mwina magetsi azima dera lonse ndipo foni yathima, mwina bandulo yatha mwezi usanathe, mwina wapita kumudzi kumene netiweki imapezeka pamwamba pa chulu pokha. Timatiki tiwiri totuwa timasonyeza kuti uthenga wafika. Tikasanduka tabuluu ndiye kuti wautsegula. Tabuluuti tinabwera mu Novembala 2014, ndipo kuyambira pamenepo bodza lakuti "sindinauone" linakwera mtengo.

Pafoni ya mtsikana wathuyu timatiki tinali tiwiri, totuwa.

"Asisi, musadandaule, sanawerenge," anatero wolukidwa, mutu uli chopendekeka.

"Sanawerenge masiku asanu? Ndiye foniyo amaigwiritsa ntchito ngati tochi?" anayankha mayi wa mandasi.

Mayiwo ankanena zoona. Munthu akhoza kuzimitsa Read receipts m'foni mwake, ndipo timatiki sitidzasanduka tabuluu ngakhale uthengawo atauwerenga mpaka kuuloweza. Koma pali mpata umodzi umene mizukwa yambiri imaiwala kutseka: m'gulu zimenezi sizigwira ntchito. Gulu la komiti ya ukwati lija linali lidakalipo, poti magulu oterewa safa ngakhale banjalo litatha. Mtsikanayo analembamo moni wamba, n'kudikira pang'ono, n'kukanikiza uthengawo ndi kutsegula Info. Dzina la mnyamata uja linali pamndandanda wa amene awerenga. Anali wachiwiri, pambuyo pa msungichuma.

Saluni yonse inangoti zii, kupatula mayi wa mandasi amene anati, "Ndimanena ine."

Wina anafunsa ngati sanamubuloke. Ayi, kubulokedwa kumaoneka mwina. Uthenga umaima pa katiki kamodzi mpaka kalekale, chithunzi chake chimachoka n'kutsala kamunthu kopanda nkhope, last seen saonekanso, ndipo mukaimba pa WhatsApp foni yake silira. Ngakhale zimenezi si umboni wokwanira, chifukwa munthu amene wangofufuta nambala yanu, atakonza zoti chithunzi chake chizioneka kwa okhawo ali m'foni mwake, amasowanso nkhope chimodzimodzi. N'chifukwa chake anthu amabwereka foni ya mnzawo n'kuyesa. Uthenga wa mnzanu ukafika, wanu uli chiimire, mlandu watha. Ine ndimati wobuloka ndi wachifundo pang'ono, chifukwa watseka chitseko mpaka mwamva kulira kwake. Wa ghosting weniweni amasiya chitseko chotsegula, nyale ikuyaka, mawu akuti online akuphethira pansi pa dzina lake, inu muli panja mukuodira.

Chopweteka pa khalidweli n'chakuti wosiyidwayo ndi amene amagwira ntchito yonse. Iye ndiye amapeka zifukwa zomuikira kumbuyo wothawayo: mwina abwana amuthina, mwina kwawo kwagwa zovuta, mwina ndinalakwitsa pomuuza kuti malaya aja sakumukhala. Iye ndiye amabwerera m'mauthenga a miyezi iwiri kufufuza pamene panathyoka. Pomaliza iye yemweyo ndiye amayenera kudziuza kuti chibwenzi chatha, tsiku lake osalidziwa. Wothawayo sanatuluke thukuta ngakhale dontho.

Ndipo sikuti amapita kutali. Patatha sabata ziwiri mtsikanayo anaika chithunzi pa Facebook atavala diresi yatsopano. Woyamba kuikapo kamtima anali mnyamata yemwe uja. Kuyankha uthenga zala zimamupweteka, koma kamtima zala zachira. Zimenezinso zili ndi dzina lake, orbiting, kutanthauza kuzungulirazungulira munthu osamulankhula.

Tisanamizire mafoni zonse. Agogo athu ankawadziwa matchona, amuna amene ankapita ku Joni kapena ku Halale n'kusiya kulemba makalata, mkazi ali kumudzi akudikira zaka. Koma mtchona anali ndi pobisala: mtunda unali wautali, kalata inkatha kusochera, ndipo ambiri ankachita kulembetsa kwa ena. Mtchona wa lero amakhala ku Chilomoni. Minibasi ziwiri zokha, mwafika pakhomo pake.

Paubwenzi wamba matendawa amayamba kawirikawiri ndi ndalama. Mnzanu amene munkaseka naye tsiku lililonse akabwereka kangachepe n'kunena kuti "aise, ndikubwezera pa 25", dziwani kuti pa 24 ndi tsiku lomaliza kumva mawu ake. Ena amati imeneyi si ghosting koma ngongole chabe. Zoona, koma amataya mnzake wa zaka khumi chifukwa choopa kulemba kuti "sindinaipeze".

Muzu wake uli pomwepo. Tinaleredwa kuti "ayi" ndi mawu amwano. Timati "tiona", "ndikuuzani", "ndikuimbirani ndikafika", ndipo tonse timamva kuti akutanthauza chiyani. Pamaso m'pamaso ulemu umenewu umayenda, chifukwa nkhope ndi kamvekedwe ka mawu zimamaliza zimene pakamwa pasiya. Pafoni palibe nkhope. Mnyamata wa ku Limbe uja mwina amadziona ngati munthu wabwino amene sanafune kukhumudwitsa mwana wa eni. Chimene anapewa ndi manyazi ake a mphindi zisanu, ndipo mtengo wake analipira ndi mtsikanayo, kwa mwezi wathunthu.

Vuto la mzukwa wa kuno n'lakuti matauni athu ndi aang'ono. Ku London munthu akhoza kusowa n'kusowadi. Ku Blantyre mudzakumana pamaliro, pamzere wa kubanki, kapena m'minibasi ya ku Limbe momwe kondakitala adzakupanikizani mpando umodzi, mawondo akugundana. Awiri athuwa anakumana pa chinkhoswe, pamzere wa chakudya, aliyense mbale ili m'manja. Mnyamatayo sanaphethire n'komwe.

"Iii, koma mwasowatu!"

Taonani luso lake. Wosowa ndi amene akukuimbani mlandu wosowa. Asanayankhidwe anawonjezera kuti foni inagwera m'madzi ndipo manambala onse anatayika. Foni za m'tauni muno zimakonda madzi kwabasi, ndipo chodabwitsa n'chakuti zimamira ndi nambala imodzi yokha, magulu onse a mpira n'kupulumuka. Mtsikanayo anangoti, "Pepani, achimwene," n'kupempha wogawa kuti amuwonjezere nyama. Kuchoka pa "bebi" kufika pa "achimwene" ndi chilango chokwanira, ndipo mnyamatayo anachimva. Usiku womwewo, cha m'ma leveni koloko, uthenga unafika: "Wagona?" Ameneyu ndi wakufa amene wadzuka, ndipo odziwa amati zombieing. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti kumene anapita sizinayende.

Pali chete wina amene sindingamudzudzule. Munthu akayamba kukuopsezani, kukutukwanani, kukukakamizani kutumiza zithunzi zamaliseche, kapena chikondi cha masiku atatu chikayamba kupempha ndalama ya thiransipoti ndi ya mankhwala a azakhali, simuyenera kumutsanzika. Bulokani, ndipo ngati pali kuopseza, sungani mauthengawo ngati umboni. Kumeneko n'kudziteteza, ndipo amene akutchani mzukwa pa zimenezi musiyeni alire.

Koma ngati munthuyo sanakulakwireni, mwangotopa naye kapena mwapeza wina, mulembereni. Sizifuna ndakatulo kapena msonkhano wa ankhoswe. "Pepa, sindikufuna kupitiriza, ndikufunira zabwino" ndi uthenga umene sungamalize ngakhale bandulo yotsika mtengo kwambiri. Adzakwiya, mwina adzakutukwanani pang'ono, koma Lachisanu adzakhala atayamba kuiwala.

Inunso amene mukudikira, mauthenga awiri ndi kuimba kamodzi zakwana. Sabata ikatha munthu akuoneka online koma osakuyankhani, musalembe ndime zisanu zoyamba ndi "sindikudandaula koma", musatumize msuweni wanu kukazonda ku Limbe, ndipo musaike nyimbo zachisoni pa sitetasi kuti aone. Waona kale zonse. Fufutani nambalayo, ndipo ngati anabwereka tchaja chanu, tumani mwana akatenge.