Kope la Anaphiri

Mumsika wa Ndirande, munthu akafuna malangizo a zachuma amabwera kwa ine. Ntchito yanga yeniyeni ndi yosoka nsapato, koma poti wosoka nsapato amakhala pansi tsiku lonse wailesi ili pakhutu, ndimadziwa zinthu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndine ndinafotokozera mzere wonse wa ogulitsa ndiwo tanthauzo lake, ngakhale m'thumba mwangamo munalibe kwacha yoti n'kugwa.

Moyandikana ndi kampando kanga pali benchi ya Anaphiri, mkazi wa malemu mkulu wanga. Amagulitsa matimati ochokera ku Lizulu ndi madera ena a ku Ntcheu. Mpamba wawo unali K150,000, ndipo akachotsa za thiransipoti, tiketi ya msika ndi matimati owola, pasabata ankatsala ndi phindu la K40,000 kapena kuchepera pang'ono. Pamwezi ndi K160,000. Si ndalama zogulira galimoto, koma lendi ankalipira, ana ankadya, inenso madzulo ndinkadutsa n'kutenga kamulu kamodzi, n'kunena mawu atatu amene agwetsa mabizinesi ambiri m'dziko muno: "Mulembe kaye, alamu."

Mavuto anayamba mu Januwale 2024. Fizi ya Chikondi, mwana wawo wa Folomu 2, inakumana ndi maliro akumudzi, ndipo nthawi ya mvula matimati amadula pooda komanso sachedwa kuwola. Anaphiri anatenga K100,000 ku banki mkhonde, pa chiwongola dzanja cha 20 peresenti pamwezi. Palibe cholakwika pamenepo, amayi ambiri amatero. Koma ndalamayo inapita ku sukulu ndi ku bokosi, sinapite pa benchi, ndiye tsiku lobweza litafika kunalibe kumene ikanachokera.

Apa ndi pamene anabwera kwa katswiri. Ndinaika nsapato pansi, n'kutsokomola pang'ono monga amachitira a pa wailesi, n'kunena kuti ndikudziwa bambo wina kuseri kwa zigayo amene amathandiza anthu popanda mafomu. Ndinawaperekeza ndekha, ndipo ndinasaina ngati mboni ndi siginecha yanga ya pa zikondwerero, yokhala ndi mchira. Anatenga K60,000 ya katapila, yobweza K90,000 pakutha kwa mwezi. Bamboyo anali munthu wachifundo kwambiri. Anati ngati K90,000 yavuta, angobweretsa K30,000 ya pamwamba, K60,000 ija idikire mwezi wina. Ine ndinamuthokoza ndi manja awiri.

Mu Malichi kunabwera bungwe lina lobwereketsa ndalama kwa amayi a m'magulu. Anaphiri analandira K200,000, yobweza K240,000 pa masabata 12, kutanthauza K20,000 Lachiwiri lililonse, kaya kwagwa mvula kaya kuli maliro. Tsiku limene ndalamayo inafika ndinayembekeza kuona madengu atsopano. Ayi ndithu. K120,000 inapita kukatseka ya banki mkhonde, K30,000 kwa bambo wa kuseri kwa zigayo, ina kwa alandilodi, yotsala inagula dengu limodzi ndi theka. Sabata yotsatira anabwereranso ku banki mkhonde kukatenga K100,000 yomwe ija, poti tsopano anali ndi mbiri yabwino yobweza.

Owerenga, chizindikiro chake ndi chimenechi, ndipo ndikukupatsani ulere. Ngongole ikalowa koma katundu pa benchi osachuluka, dziwani kuti simukubwereka ndalama za bizinesi, mwangolembedwa ntchito yonyamula ndalama kuchoka kwa wokongoza uyu kupita kwa uyo, ndipo thiransipoti mukulipira nokha.

Pofika mwezi wa Juni, Anaphiri sankadziwanso masiku ndi mayina ake. Lachiwiri linali "la gulu", Loweruka "la mkhonde", pa 30 "pa bambo aja". Ngongole ya gulu itatha anatenga ina tsiku lomwelo. Foni yawo inali ndi timangongole take, ta mayunitsi ndi tina, moti munthu akawatumizira ndalama, foniyo inkadya kaye isanawauze. Akaona munthu wovala malaya oyera atanyamula chikwama, ankandisiyira benchi n'kukabisala kwa ogulitsa makala. Tsiku lina anabisalira mlaliki wosalakwa, wongofuna matimati a K500. Ndinamugulitsa ndine, ndipo ndalamayo ndinaisunga bwinobwino mpaka lero.

Amene anathetsa nkhaniyi si ine, ngakhale mumsika ndimalola anthu kuganiza choncho. Ndi Chikondi. Patchuthi cha kumapeto kwa Julayi mwanayo anakhala pa benchi ndi kope lake lakale la masamu, n'kufunsa mayi ake mafunso amwano. Mumapereka zingati, kwa yani, liti? Anawonkhetsa: gulu K80,000 pamwezi, katapila K30,000, banki mkhonde K20,000. Zonse K130,000, pa phindu la K160,000. Pakhomo pankatsala K30,000, pamene lendi, ufa, makala ndi sopo zinkafuna pafupifupi K100,000. K70,000 yoperewerayo ndi imene mwezi uliwonse inkachokera ku ngongole yatsopano, kapena kudulidwa ku mpamba mwakachetechete.

Kenako mwanayo analemba mzere umene unachititsa Anaphiri kuvula mpango kumutu. Kuyambira Malichi mpaka Julayi anali atapereka K30,000 kasanu kwa bambo wachifundo uja. Ndi K150,000, mpamba wathunthu, pa ngongole ya K60,000 imene inali ikadali K60,000, yosasuntha ngati phiri la Ndirande.

"Ndiye bizinesiyi ilibe vuto?" anafunsa Anaphiri.

"Ilibe, amayi. Ikudyetsa mabanja anayi, lathu ndi lomaliza."

Ine ndinaseka kwambiri, mpaka pamene mwanayo anatembenuza tsamba. Tsamba lachiwiri linali la anthu amene anatenga matimati pa ngongole. Onse pamodzi K47,000. Pamwamba penipeni, ndi zilembo zazikulu, panali dzina la bambo ake aang'ono, K18,500. Ndinayesa kufotokoza kuti pachibale sitiwerengerana matimati, ndiponso kuti malangizo anga onse aja anali aulere. Anaphiri anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga, zomwe ndi zong'ambika, n'kunena kuti, "Alamu, malangizo anu ndi amene andidyera K150,000. Lachisanu ndipeze ndalama yanga."

Ndondomeko yawo inali yosavuta kunena. Choyamba, kupha ngongole yoluma kwambiri, osati yaikulu kwambiri. Ya gulu inali yaikulu, koma inali ndi tsiku lothera. Ya katapila inali yaing'ono, koma ikanatha kukhala mpaka Chikondi atakwatiwa. Anatolera K35,000 kwa ife angongole, ena onse anasamukira kumzere wina wa matimati. Anaimbira foni kumudzi kuti agulitse mbuzi imodzi. Mkati mwa Ogasiti ndalama inakwana.

Kukabweza kunali kovuta kuposa kukabwereka. Bambo uja ataona K60,000 yathunthu pamodzi ndi ya pamwamba, nkhope inagwa ngati wamva uthenga wa maliro. "Mayi, mukufulumira chiyani? Ndakulakwirani? Sungani mpamba wanu, muzingobweretsa kapamwambako." Tsiku loyamba anati kope lake waliiwala kunyumba. Lachiwiri anali atapita ku Lunzu. Anaphiri anatenga wapampando wa komiti ya msika kuti akhale mboni, anawerenga ndalama pamaso pake, n'kuonetsetsa kuti dzina lafufutidwa ndipo pepala la chikole cha mipando yawo labwezedwa. Ine sanandiitane. Akuti siginecha yanga ili ndi tsoka.

Masabata 6 otsatira anali owawa. Gulu linkafunabe K20,000 yake Lachiwiri, mkhonde K20,000 pamwezi, ndiye pakhomo pankatsala K2,000 patsiku. Anapita kwa alandilodi okha asanatumidwe uthenga, n'kugwirizana zopereka lendi pang'onopang'ono. Kunyumba kwawo kunali chisoso, bonongwe ndi soya pisi, ndipo ndikuchitira umboni chifukwa ndinasiya kupitako nthawi ya nkhomaliro. Anasoka timatumba tiwiri m'kati mwa chitenje, kena ka mpamba, kena ka phindu, ndipo ka mpamba sikankatsegulidwa ngakhale kubwere mlendo wochokera ku Joni. Anayamba kuoda pang'ono koma kawirikawiri kuti owola achepe, ndipo ofewa ankawagulitsa madzulo motsika mtengo kwa amayi ophika nsima m'malesitilanti, m'malo mopatsa alamu awo. Pa benchi anakhomapo katoni yolembedwa kuti ngongole inamwalira. Ndinafunsa ngati lamulolo likukhudzanso abale. Anati linalembedwera abale.

Yesero lalikulu linafika pakati pa Seputembala, tsiku limene anamaliza ya gulu. Mlangizi wa bungwe lija anawayamikira pamaso pa onse, n'kulengeza kuti chifukwa chobweza bwino tsopano akuyenera K300,000. Amayi anzawo anaimba nthungululu, ena anawakakamiza, poti gulu likachepa anthu nalonso limavutika. Ine ndinawanong'oneza kuti mwayi sukanidwa, atenge basi, K50,000 andibwereke ndigulire zikopa. Anaphiri anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, anathokoza, n'kutuluka chimanjamanja. Anandiuza pambuyo pake kuti miyendo inkanjenjemera mpaka pa benchi, chifukwa munthu amene wazolowera ngongole akakhala wopanda ngongole amamva ngati waiwala chinachake m'minibasi.

K20,000 ya Lachiwiri ija sanaizolowere kuidya. Anapitiriza kuipatula tsiku lomwelo, koma tsopano inkapita ku banki mkhonde kukadula K100,000 ija, ndipo chiwongola dzanja chinkatsika pamene ngongole ikutsika. Pofika kumayambiriro kwa Novembala anamaliza. Mu Disembala, pogawana masheya, kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho analandira ndalama imene sinali ndi mwini wake woidikira panja. Anagula madengu awiri owonjezera ndi mbuzi yobwezera ija. Ku banki mkhonde sanatuluke, amaponyabe masheya, ndipo akuti akadzabwerekanso idzakhala ya katundu amene akudziwa tsiku lomugulitsa.

Mwina mukufunsa kuti K18,500 ija ndinaipeza kuti pofika Lachisanu. Musadandaule, ine ndi munthu wodziwa njira. Ndinapita kuseri kwa zigayo n'kutenga K20,000, ndipo bambo uja anandilandira bwino kwambiri, mpaka anandipatsa mpando. Amati ndisavutike ndi yonse, ndizingopereka K10,000 ya pamwamba. Ndakhala ndikutero mokhulupirika, ndipo sabata yatha Chikondi wandipempha kuti ndimubweretsere mapepala anga onse, wagula kope latsopano.

Choncho inu nonse amene munasiya nsapato kwa ine, makamaka bambo a jombo zakuda zija ndi mayi a silipasi yobiriwira, bwerani mudzatenge pasanafike pa 30. Mubwere ndi ndalama m'manja. Katoni ndakhoma nanenso.