Kandimverere Wagula Foni

Akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ankanena munthu amene mwamutuma kubwalo kuti akakumvereni mmene mlandu wa malire a munda wathera, iye n'kubwerako ndi nkhani ya amene anatchena chitenje chatsopano ndi amene anawodzera mfumu ikugamula. Mafoni atafika tinkayesa kuti Kandimverere ntchito yamuthera, poti mawu tsopano amajambulidwa. Kuyambira ku Mponela mpaka ku Malomo, mkangano ukangotentha pamapezeka wina wopisa m'thumba: "Musandikanire, sikirinishoti ndili nayo."

Koma sikirinishoti silowa m'buku la banki m'khonde, ndipo anyakwawa sangafinye maso pa galasi losweka la foni imene moto wake watsala pang'ono kutha. Pamafunika wina woti akopere zonsezo papepala. Amaitana mlembi wa gulu, kapena mnyamata amene analemba Fomu 4 chaka chatha, n'kumupatsa cholembera ndi kope. Kandimverere uja ndi ameneyu. Sanafe, wangopeza ntchito ya muofesi.

Tiyerekeze ndi gulu la banki m'khonde lakumapiri a Ntchisi, lomwe lili ndi gulu lake pa WhatsApp. Mu Novembala, mvula ili pafupi, bambo wina watenga K150,000 ya feteleza popanda msonkhano. Amsungichuma akuti atcheya ndiwo analoleza. Atcheya akulumbira kuti sanayerekeze. Zithunzi zitatu zachokera m'foni ya amsungichuma, ndipo mnyamata wathu wakopera bwinobwino, zilembo zozungulira ngati za aphunzitsi. Papepala pake bambo uja akupempha ndalama, mzere wotsatira atcheya akuti "Palibe vuto", kenako wina wopanda dzina akuti "Ndatumiza". Mlandu watha, atcheya alipire.

Mnyamatayo sananame liwu ngakhale limodzi. Anangosiya kanthu kamodzi. Uthenga wa atcheya unali ndi kabokosi kena m'kati mwake, pamwamba, kokhala ndi mzere woimirira m'mphepete. Kabokosi kameneko kamaoneka munthu akasankha uthenga wina wake n'kuuyankha mwachindunji, ndipo kamasonyeza dzina la woyankhidwayo ndi chiyambi cha mawu ake. Atcheya ankayankha mayi wina amene anafunsa, mphindi makumi awiri ndi ziwiri bambo wa ngongole asanalembe, ngati msonkhano ungasunthidwe kuchoka Lachisanu kupita Loweruka chifukwa cha chiliza. "Palibe vuto" anali wa Loweruka. Mnyamata anaona kuti za chiliza sizikukhudzana ndi ndalama, n'kuzidumpha. Amsungichuma nawonso anawerenga chimodzimodzi usiku uja, ndalama n'kupita.

Kabokosi komweko kamagwetsanso alembi m'njira ina. Popeza uthenga umodzi wanyamula mayina awiri, la woyankha pamwamba ndi la woyankhidwa m'munsi pang'ono, wothamanga amatola dzina lachiwiri n'kuliveka mawu a munthu woyamba. Mayi wa chiliza n'kupezeka kuti ndiye analoleza ngongole, munthu woti chaka chonse sanasowetsepo gulu ngakhale kobiri.

Za mayina n'zimene ndimakonda. Dzina limene likuoneka pa sikirinishoti si la pa chiphaso cha unzika. Ndi dzina limene mwini foni anamupatsa munthuyo posunga nambala yake, ndipo anthu timatchulana zoona tikakhala tokha ndi foni. Muona "Mlamu Wasoya", "Tcheya Banki", "Mabvuto Njinga 2", ndipo tsiku lina muona "Wangongole Osayankha", mwini dzinalo ali pabenchi lomwelo akudikira kuti mlembi awerenge mokweza. Ena amafuna kukonza, kulemba dzina laulemu m'malo mwake. Ine ndimati kopera zimene zili pagalasi, ndipo pamwamba pa pepala ulembe padera kuti "Mlamu Wasoya" ndi uje malinga ndi mwini foni. Ukalowetsa dzina lenileni mwakachetechete, wayamba kuchitira umboni zinthu zimene sunaone. Pakaoneka nambala yokha, kapena dzina loyamba ndi kachizindikiro ka ~, ndiye kuti mwini foni nambalayo sanaisunge, ndipo dzinalo munthuyo anadzipatsa yekha. Ndi chifukwa chake m'magulu ambiri muli "Mwana wa Mfumu" mmodzi kapena awiri amene palibe mfumu ikuwadziwa.

Mwini foni dzina lake silioneka n'komwe. Mauthenga ake amakhala kudzanja lamanja opanda dzina, a ena onse kumanzere. Choncho funso loyamba, cholembera chisanakhudze pepala, ndi lakuti chithunzichi chinajambulidwa m'foni ya yani. Amene wakutumizira sikuti ndiye anajambula. Chithunzi chimatha kudutsa m'manja anayi chisanafike kwa iwe, ndipo "Ndatumiza" wa kumanja uja ndi wa woyambayo. Pa kabokosi ka yankho pakalembedwa "You", ndi yemweyonso. Kumanzere nako kuli msampha wake: munthu akatumiza mauthenga atatu motsatizana, dzina limaoneka pa woyamba pokha. Chithunzi chikadulidwa pakati, pamwamba pamatsala uthenga wamasiye. Usaupatse bambo mongoganiza. Lemba kuti dzina silikuoneka.

Tsopano nthawi. Pa chithunzi chimodzi pamakhala manambala ambiri ooneka ngati nthawi, ndipo onse amafuna kulembedwa. Amene ali pamwamba penipeni, pamzere umodzi ndi chizindikiro cha batire, ndi nthawi imene chithunzicho chinajambulidwa, alibe nawo mbali macheza. Nthawi ya uthenga ili pansi pa uthengawo, kukona ya kumanja, choncho ndi ya mawu amene ali pamwamba pake. Uthenga wamawu uli ndi manambala awiri: 0:47 ndi kutalika kwake, masekondi 47, inayo ndiyo nthawi yake. Mnyamata wathu analemba kuti amsungichuma anayankhula ndi Mlamu Wasoya 0:47 usiku, ndipo amuna awo a amsungichuma, amene anabwera kudzangoperekeza, anayamba kufunsa mafunso osakhudza feteleza.

Tsiku silikhala pa uthenga uliwonse. Limakhala pa kachikwangwani kapakati, ndipo kawirikawiri kamangoti "Today" kapena "Yesterday". Dzulo lake liti? Ndi dzulo la tsiku lojambula, ndipo mlandu ukafika kwa anyakwawa patatha milungu itatu, kachikwangwani kaja kamakhala kakunenabe kuti dzulo. Mafoni ambiri a Android amaika tsiku m'dzina la chithunzi, monga `Screenshot_20241112`, kutanthauza 12 Novembala 2024. Koma chithunzi chikadutsa pa WhatsApp chimafika ndi dzina lina, monga `IMG-20241203-WA0004`, ndipo tsikulo ndi lolandirira. Ndiye kaone m'foni imene inajambula.

Apa mnyamata analakwitsanso chifukwa cha khama. Foni ya amsungichuma imawerenga maola 12, ndipo iye anasiya AM ndi PM. Ataona uthenga wa atcheya wa 6:15 uli pansi pa mauthenga a 7 koloko, anaganiza kuti foni yasokonezeka, n'kuukweza pamwamba kuti manambala ayende bwino. Unali wa m'mawa mwake. Akanalemba motere, atcheya akanagona tulo:

```
Foni ya: Msungichuma (kumanja)
11 Novembala 2024
18:40 Amake Chiliza: Msonkhano tisunthire Loweruka?
19:02 Mlamu Wasoya: Ndikupempha K150,000 ya feteleza
19:10 Tcheya Banki, kuyankha wa 18:40: Palibe vuto
19:12 Msungichuma: Ndatumiza
19:15 Msungichuma: uthenga wamawu, masekondi 47
12 Novembala 2024
06:15 Tcheya Banki: Zangongole tikambirana pamsonkhano
```

Mzere uliwonse uli ndi nthawi, dzina ndi mawu, ngakhale pamene chithunzi sichinabwereze dzina. Mawuwo akhale mmene analembedwera. Ngati munthu analemba "ndatumza", usamulowetse sukulu. Pamene palembedwa "This message was deleted" pakhale mzere wake ndi nthawi yake, chifukwa dzenje nalonso ndi umboni. Chimodzimodzi "Forwarded", kusonyeza kuti mawuwo anachokera kwina, ndi "Edited". Kuyambira mu 2023 WhatsApp imalola munthu kusintha uthenga pasanathe mphindi 15 atautumiza, ndipo zimene zinalipo poyamba siziwoneka. Mphindi 15 n'zokwanira kuti "ndibweza mawa" asanduke "ndibweza tikakolola".

Mapiri athu amawonjezera zawo. Aliyense wa kuno amadziwa chulu kapena mtengo umene netiweki imagwirira. Munthu amalemba uthenga ali kudimba m'chigwa, pakona n'kuoneka kawotchi m'malo mwa tiki, ndipo uthengawo umadzanyamuka akakwera mtunda madzulo. M'foni yake wakhala pamene anaulembera, m'mafoni a anzake wafika pambuyo pa zina zonse zimene zinakambidwa masana. Zithunzi ziwiri za macheza amodzi zimatha kusiyana ndondomeko popanda wonama. Mlembi asasakanize ziwirizo kuti apange imodzi yokongola. Akopere chilichonse pachokha, alembe mwini wake pamwamba. Wachibale wa ku Joni savuta, nthawi yawo ndi yathu n'chimodzimodzi. Wa ku Dar es Salaam kapena ku Nairobi foni yake ili patsogolo ndi ola limodzi, choncho 19:10 wathu ndi 20:10 kwa iye, zimene a ku Dzaleka, okhala ndi abale m'mayiko ambiri, amazidziwa kuposa tonsefe.

Chotsala ndi pamene chithunzi china chikulumikizana ndi chinzake. Uthenga womaliza wa chithunzi choyamba uyenera kuonekanso pamwamba pa chachiwiri. Ukaoneka, uulembe kamodzi, ngongole ingasanduke ziwiri. Ukapanda kuoneka, lemba kuti pano pali mpata, chifukwa wojambula sikirinishoti amakhala ndi mbali pa mlandu, ndipo chala chake chimadziwa poyambira ndi polekezera.

Njira yachidule ilipo. Pa Android, mukatsegula machezawo n'kudina timadontho titatu, kenako `More`, kenako `Export chat`, foni imatulutsa yokha macheza onse, mzere uliwonse ndi tsiku, nthawi ndi dzina. Ili ndi zofooka zake: sisonyeza kuti uthenga ukuyankha uti, ndiye "Palibe vuto" wa atcheya akanakhalabe pansi pa ngongole, ndipo mafoni ena amayamba ndi mwezi, moti 11/12 akhoza kukhala Novembala kapena Disembala. Komabe imatseka mipata yonse. Vuto lake n'lakuti imafuna mwini foni apereke macheza onse, osati zidutswa zitatu zosankha. Yesani kupempha pabwalo.

"Amayi, tabwereketsani foniyo titulutse zonse."

"Pepani achimwene, yangozima pompano. Moto watha."