Fisi, Mbuzi ndi Kabichi pa Diamphwe

Pansi pa mtengo wina pa msika wa Mitundu, pomwe akuluakulu amathera tsiku pa bawo, aphunzitsi ena opuma ntchito adaponya funso. Munthu wafika pa mtsinje wa Diamphwe madzi atadzaza, ali ndi fisi, mbuzi ndi kabichi. Bwato ndi laling'ono, limanyamula iyeyo ndi chinthu chimodzi basi. Akasiya fisi ndi mbuzi paokha, mbuzi yapita. Akasiya mbuzi ndi kabichi, ndiwo zapita. Awoloke bwanji?

Woyamba kuyankha adali mkulu wa mpingo.

"Aphunzitsi, tisanafike ku masamuko, munthu woyenda ndi fisi dzuwa likuswa mtengo ameneyu ngwa m'mudzi mwa yani? Ndipo ngati ali ndi fisi, bwato akulifuniranji? Osangokwera fisiyo bwanji?"

Aphunzitsi adati mlanduwo si wawo. Funsoli lili m'buku lakale la Chilatini lomwe amati adalemba Alcuin wa ku York, yemwe ankaphunzitsa kunyumba ya mfumu Charlemagne cha m'ma 800. M'bukumo chilombo chake ndi mmbulu, koma poti ambirife mmbulu timangomumva kutchalitchi, iwo adaikapo fisi.

"Ndiye kuti azungunso amatamba," adatero mkulu uja, mtima uli m'malo.

*

Mnyamata wa kabaza yemwe amadikira makasitomala chapafupi sadaone vuto lililonse.

"Madala, mukundichititsa manyazi. Ine fisi, mbuzi, kabichi, ndi mwini wake yemwe, ndimanga pakeliyala ulendo umodzi mpaka ku Bunda."

Wa chiwaya nayenso adali ndi yankho lake: mbuzi iphedwe, kabichi aduliridwe pambali, fisi apatsidwe mafupa, munthu awoloke wokhuta. Kunena zoona, ine yankho limeneli silidandiipire.

*

Aphunzitsi adalemba mzere pansi, nati uwu ndi Diamphwe. Adatola mwala kukhala munthu, fupa kukhala fisi, chitsekerero cha botolo kukhala mbuzi, tsamba kukhala kabichi.

"Lekani kuyang'ana bwato," adatero. "M'bwato simudyedwa kanthu, mwini wake ali momwemo. Zinthu zimadyedwa kugombe komwe mwachokako."

Chilichonse mwa zinayizi chimakhala kuno kapena tsidya, palibe malo ena. Ndiye makhalidwe onse alipo 2 × 2 × 2 × 2, omwe ndi 16. Adawalemba onse pa katoni ya sopo, kenaka nkuyamba kudula oipa. Munthu akakhala tsidya, kuno sikungatsale fisi ndi mbuzi, kapena mbuzi ndi kabichi, kapena zonse zitatu. Amenewo ndi atatu. Munthu akakhala kuno, atatu omwewo amaoneka tsidya. Oipa onse ndi 6, abwino atsala 10.

Adawerenga abwinowo potchula zomwe zili kuno kokha, poti zotsalazo zili tsidya. Munthu ali kuno, akhoza kukhala ndi zonse, kapena fisi ndi mbuzi, kapena fisi ndi kabichi, kapena mbuzi ndi kabichi, kapena mbuzi yokha. Munthu ali tsidya, kuno kukhoza kutsala fisi ndi kabichi, fisi yekha, kabichi yekha, mbuzi yokha, kapena popanda kanthu.

"Nanga munthu ndi fisi awiriwiri kuno, chalakwika nchiyani?" adafunsa wa kabaza. "Fisi akhoza kumudya?"

"Tayang'ana tsidya, mwana wanga. Kuli ndani?"

Mnyamatayo adayang'ana chitsekerero ndi tsamba zili pamodzi, nkutola tsambalo kuliponya kutali. "Yadya kale."

*

Ulendo woyamba ulibe mkangano. Mukatenga fisi, kabichi watha. Mukatenga kabichi, mbuzi yatha. Mukapita nokha, mwaitanitsa phwando. Chatsala nkutenga mbuzi, poti fisi ndi kabichi akhoza kugonera limodzi mpaka mawa osayankhulana.

Apa mpomwe adadzukira bambo wina yemwe adayamba kachasu m'mamawa. Adawolotsa mbuzi, nkubwera nayo, nkuiwolotsanso, nkubwera nayonso.

"Mwaona? Palibe chadyedwa!"

"Palibenso chawoloka," adatero aphunzitsi. Nchifukwa chake pa katoni paja ankachonga khalidwe lililonse lomwe afikapo. Mukaponda pomwe mwachonga kale, mwangotuluka thukuta laulere.

Choncho munthu abwerere yekha, apeze fisi ndi kabichi. Apa mpomwe pali mphambano, ndipo njira zonse ziwiri nzabwino. Tinene kuti watenga fisi. Wafika tsidya, mbuzi yamuona fisi, fisi wayamba kuseka. Kubwerera yekha sikutheka. Kubwerera ndi fisi nkuponda pochonga kale. Pa katoni patsala khomo limodzi lokha: abwerere ndi mbuzi.

Pamenepa bwalo lidaphulika. Bambo wa kachasu uja adaimirira.

"Ine nditabwera nayo mbuzi mwandinyoza. Inu mwabwera nayo, akuti ndi masamu!"

Kusiyana kwake nkwakuti iye atabwera nayo, tsidya kudalibe kanthu. Pano tsidya kuli fisi, ndipo khalidwe limeneli silidachongedwepo. Ambiri amakakamira apa, poti mtima umakana kubweza katundu yemwe wawoloka kale.

Zotsalazo nzofewa. Asiye mbuzi kuno, awolotse kabichi. Abwerere yekha, akatenge mbuzi. Maulendo onse ndi 7. Pamphambano paja akadayamba ndi kabichi, akadabwezabe mbuzi nkutenga fisi, maulendo 7 omwewo. Fisi wakwera bwato kamodzi, kabichi kamodzi, mbuzi katatu.

"Mwini bwato akamalipiritsa pa mutu," adatero wa chiwaya, "mbuzi imeneyo yadya mtengo wake womwe."

*

Funsoli lidafika ku Nathenje pa minibasi, ndipo kumeneko kondakitala wina adapeza njira yakeyake. Adayenda bwinobwino mpaka kuno kutatsala mbuzi yokha. M'malo mobwerera yekha, adabwera ndi fisi, nkuwolotsa mbuzi, nkubwera ndi kabichi. Atayang'ana bwino adapezeka ali kuno ndi fisi ndi kabichi, mbuzi ili tsidya, monga zidalili pamphambano paja. Adali atapalasa maulendo 6 kuchokera pamenepo, onse otetezeka, osasuntha ngakhale phazi limodzi.

Mayi wina yemwe amaonerera adapukusa mutu. "Achimwene, inu akuikeni mu komiti ya chitukuko."

*

Sabata yotsatira aphunzitsi adabwera ndi lina la kwa anansi athu. Anthu a mtundu wa Ila ku Zambia ali ndi funso lomweli, lomwe Edwin Smith ndi Andrew Dale adalemba m'buku lawo la 1920, koma katundu wake ndi zinthu zinayi: kambuku, mbuzi, khoswe ndi dengu la mapira. Kambuku amadya mbuzi ndi khoswe, ndipo mbuzi ndi khoswe zimadya mapira. Bwato limanyamulabe chimodzi.

Anthu adayesa. Akatenga kambuku, mapira atha. Akatenga mbuzi, khoswe ali m'mavuto, mapira nawonso ali m'mavuto. Akatenga khoswe, mbuzi yatha. Akatenga dengu, kambuku adya kawiri. Palibe ulendo woyamba wotetezeka, katoni idathera pa mzere woyamba. M'nkhani ya a Ila, munthuyo adaganiza zotaya chimodzi, koma poona kuti nyamazo zili ngati ana ake, adangosiya ulendowo.

Mayi wogulitsa kabichi, yemwe adamva zonsezi masabata awiri osayankhula, adatopa.

"Abambo inu, pa Diamphwe pali mlatho. Munthu wanuyo angodzera pa M1 ngati anzake."

Mkulu wa mpingo sadadzutse nkomwe maso pa bawo.

"Mayi, ndi fisi kumanja, apolisi apamsewu akawauza kuti chiyani?"