Tsitsani wailesi, bambo

Munthu wa kwathu ku Mulanje akaimba foni ku wailesi sabwera yekha. Amabwera ndi akazi ake, apongozi ake a ku Limbuli, anzake othyola nawo tiyi, ndi mbuzi yomwe inasowa chaka chatha. Onsewa amafuna moni, ndipo pulogalamu ndi ya mphindi 30 zokha.

Nditayamba kuulutsa mawu ndinkalowa m'situdiyo chimanjamanja, ndikudalira pakamwa. Tsiku lina ndinatsegula motere: "Lero tikambirana za mayendedwe m'boma lathu lino." Woyamba anadandaula za minibasi, wachiwiri za mlatho, wachitatu za mayendedwe a mwana wake wamkazi. Titatuluka, mkulu wina wa pawailesipo anandipatsa pepala ndi cholembera.

"Mphwanga, mutu uli ngati ng'ombe. Ukaupatsa dambo lonse, madzulo suupeza. Umange pachikhomo."

Chikhomocho ndi mawu otsegulira, ndipo amalembedwa onse, liwu ndi liwu, osapitirira masekondi 40. Mumakhala moni, funso limodzi, malamulo, ndi nambala yotchulidwa kawiri pang'onopang'ono, poti wina akuilemba pansi ndi kamtengo. Sabata yotsatira ndinawerenga izi: "Chiperoni chikayamba, akabaza a pa Chitakale amakweza mtengo. Kodi n'chilungamo, inde kapena ayi? Tchulani dzina ndi komwe muli, tsitsani wailesi yanu, muli ndi mphindi imodzi." Funso la inde kapena ayi lili ndi mpanda. Wolumpha mpandawo amamveka kwa aliyense, ngakhale kwa iye mwini.

Za kutsitsa wailesizo si mwambo chabe. Wailesi ikakhala pafupi ndi foni, mawu amatuluka m'sipika n'kulowanso m'foni, kenako kumamveka kulira kwa nkhumba yopita kumsika. Koma ndani waimba foni kuti asadzimve yekha?

"Halo! Halo! Ndikumveka?"

"Mukumveka, bambo. Tsitsani wailesi."

"Ndatsitsa." Sanatsitse. Angoisunthira kwa mayi a kunyumba.

Apa m'pamene pamafunika timilatho, timawu tolemberatu tochotsa munthu kuthengo n'kumubwezera pamsewu osamuchititsa manyazi. Kamlatho kabwino kali ndi matabwa atatu: uthokoze, utole liwu limodzi m'zimene wanena, ubwereze funso. Ine ndinali nato titatu, poti oimba osokera alinso mitundu itatu.

Woyamba ndi wa moni. Ukamudula pa dzina loyamba, mawa pamsika sakugulitsa chinanazi. Ndinkamulola mayina awiri, akamakoka mpweya wa lachitatu ndinkalowa: "Onsewo amva, bambo, ndipo nawonso amakwera kabaza. Mtengo wa pamvula, inde kapena ayi?"

Wachiwiri ndi wa mbiri, amene yankho lake limayambira nthawi ya Kamuzu. Ameneyu umamugwira pa liwu lake lomwe. Akati kale ankayenda pansi mpaka ku Muloza, iwe: "Mwatchula kuyenda pansi, agogo. Lero mvula ikugwa, muyenda pansi kapena mulipira?"

Wachitatu ndiye woopsa, wobwera ndi dzina la munthu m'thumba. "Pali mnyamata wina wakuba, dzina lake ndi…" Apa ulemu umatha. Chala chimatsitsa batani la foni asanamalize, pakamwa pakuwerenga: "Mayina a anthu sititchula, chifukwa mwiniwake sali pano kuti adziyankhire." Ukachedwa sekondi imodzi, wonyozedwayo sapita kwa woimba uja. Amabwera ku wailesi, ndipo a MACRA, omwe amapereka ziphaso za mawailesi, nawonso ali ndi makutu.

Palinso kamlatho kachinayi, kobwereza funso ndi nambala mphindi khumi zilizonse. Ukakaiwala umadziwa msanga: wina amene wangotsegula wailesi amaimba n'kupempha nyimbo.

Mawu otsekera ndimawalemba ndi mipata iwiri yosadzaza, wina wa mfundo ya okwera, wina wa akabaza, ndipo ndimaidzaza pulogalamu ili m'kati. Zikatsala mphindi zitatu foni imatsekedwa, ngakhale ikulira ngati mwana. Tsiku la kabaza lija ndinatseka motere: "Okwera akuti mtunda sutalika chifukwa cha mvula. Akabaza akuti matope amadya mabuleki ndi msana. Sabata yamawa tidzafunsa ngati pakufunika mtengo umodzi wolembedwa pasiteji." Chigamulo sindipereka. Ndine woulutsa mawu, si nyakwawa, komanso kunyumba ndimabwerera pa kabaza.

Madzulo amenewo kunkawaza. Wakabaza anandiyang'ana, n'kutchula mtengo wowirikiza kawiri. Nditayamba kudandaula anakweza dzanja.

"Zikomo bwana, mfundo yanu yamveka. Mukwera, inde kapena ayi?"