Chipepala cha Malamulo a Chingerezi

Chipepala cha malamulo a kalembedwe ka Chingerezi chimakhala ndi magawo atatu: lamulo, zitsanzo zomvera lamulolo, ndi mawu osamva amene amaliphwanya. Ku Kasina chimalembedwa nyengo yachisanu, zala zitauma gwa, a Folomu 4 akuyembekezera mayeso a MSCE, amene satifiketi yake situluka ngati Chingerezi chakana. Mlembi wa danga lino, amene amaphunzitsa ana a eni mwaganyu, amachidziwa bwino Chingerezi chifukwa mayeso ake adalemba kawiri.

Gawo loyamba ndi lalifupi. Mneni wa phatikizo limodzi akathera ndi lembo laliwu limodzi lotsatidwa ndi lopanda liwu limodzi, lembo lomalizalo limalembedwa kawiri asanaikepo -ed kapena -ing. Motero stop amakhala stopped, plan amakhala planning. Zikafika apa ophunzira amagwedeza mitu, mphunzitsi n'kumadzimva ngati mzungu wa ku Landani.

Gawo lachiwiri limaonetsa chifukwa chake lamuloli lilipo. Hop ndi kudumpha, hope ndi kuyembekezera. Woyamba amapereka hopping. Wachiwiri amataya e n'kukhala hoping. Mnyamata wolembera mtsikana kuti akuyembekezera yankho, akawonjezera p mmodzi, wadziulula kuti akudumphadumpha ngati chule.

Gawo lachitatu ndilo limatha inki. Malembo w, x ndi y salembedwa kawiri, n'chifukwa chake fix amakhala fixed. Mawu aatali amayang'ana pamene liwu lagogomezedwa. Mu begin mphamvu ili kumapeto, ndiye timapeza beginning. Mu visit ili koyambirira, ndiye visited amakhala ndi t mmodzi. Wophunzira akati wamvetsa, pamatulukira travel. Mphamvu yake ili koyambirira, komabe kalembedwe ka ku Britain, kamene sukulu za m'Malawi zimatsata, kamafuna travelled, pomwe Amereka amalemba l mmodzi. Pofika apa lamulo latenga mzere umodzi, ophwanya lamulo adzaza tsamba, ngati mudzi umene mboni ndi zochepa kuposa akuba.

Chomaliza ndi kuwerenganso chipepalacho asanachichulukitse. Njira yake ndi kubwezera liwu lililonse ku tsinde lake n'kuona ngati likuthera ndi e. Write amathera ndi e, choncho amatsata hope, ngakhale m'bale wake written ali ndi t awiri. Mlembi uja adadumpha gawo limeneli. Adagulitsa ndowa ya mbatata ya kachewere, nachulukitsa mapepala 40, pamwamba pake patalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti Writting Rules. Adazindikira ndi kamtsikana kokhala kumbuyo, kamene kadafunsa mwaulemu kuti, “Aphunzitsi, kodi mutuwu nawonso uli m'gulu la ophwanya lamulo?” Chipepala chotere sachitaya. Mphunzitsi amatsokomola, n'kulengeza kuti adalakwitsa dala pofuna kuona amene ali maso.