Madola anga anadyedwa m'njira

Mlamu wanga atandiuza kuti masiku ano anthu akulandira madola atakhala pakhonde, ndinagula bandulo ya mwezi wonse n'kuuza mayi a kunyumba kuti ayambe kufunsa mitengo ya malata.

Sabata yoyamba ndinatumiza makalata ofunsira ntchito 23. Paliponse pamene panalembedwa Remote ndinkangolowa ngati mbuzi m'dimba. Palibe anayankha. Mwana wanga wa Fomu 2 ndiye anandiloza timawu ting'onoting'ono totsatira: US only. Kuteroko ntchito ndi yogwirira pakhomo ndithu, koma khomolo likhale ku Amereka, osati ku Ndirande. Si nkhanza ayi. Kuti kampani ikulembe ngati wantchito wake, imayenera kutsata malamulo a ntchito ndi a msonkho a dziko lako, ndipo ambiri safuna chimtolo chimenecho.

Ndinayamba kusaka mawu atatu: Worldwide, contractor, ndi EMEA. Pa EMEA'po, A wa kumapetoyo ndi ife a mu Afirika, omaliza ngati pa mzere wa feteleza.

Ndinapezadi ganyu yolemba mawu a pa kanema, ya madola 200. Ndinagwira milungu itatu usiku, udzudzu uli mboni. Tsiku la malipiro anandiuza kuti ndisankhe dziko langa pa mndandanda wa njira yawo yolipirira. Ndinatsika bwinobwino mpaka Luxembourg, kenako Malaysia. Ndinabwerera kawiri, mwina Malawi wabisala. Kulibe.

Tinagwirizana zotumiza kudzera ku banki. Ndinapereka nambala ya akaunti ndi SWIFT code, n'kuyamba kudikira. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ndalama yochokera kunja imakwera matola: imadutsa pa banki ina ya pakati, ndipo aliyense woinyamula amatapako. Pa fomu ya wotumiza pamakhala mawu atatu. OUR ndiye kuti wotumiza walipira zonse, SHA mukugawana, BEN zonse zili pamutu pako. Bwana wanga anasankha SHA. Mwa madola 200 aja anafika 165, ndipo poti akaunti yanga ndi ya makwacha, anasinthidwa pa mtengo wa kubanki, osati uja mlamu ankawerengera pa foni yake.

"Bambo a Chikondi, malata aja ndi angati?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Tiyambe ndi misomali," ndinatero.

Pano ndisanagwire ntchito iliyonse ndimafunsa kaye: kodi njira yanu yolipirira imafika ku Malawi, nanga mulemba OUR? Ndimapemphanso kuti asonkhanitse malipiro a miyezi iwiri, chifukwa a m'njira aja kawirikawiri amatapa mofanana, kaya ndalama ndi yambiri kaya yochepa.

Dzulo wina wandilembera kuti ntchito ndapata popanda intavyu, ndingotumiza madola 50 a laputopu. Ndamuyankha kuti adule pa malipiro anga oyamba, chenji anditumizire pa OUR. Sanayankhebe.