Kalata kwa Bwana Wogulitsa Galimoto

Wokondedwa Bwana,

Ndine uja ndinagula kagalimoto koyera kochokera ku Japan, uja ndinanenerera mtengo mpaka inu munapempha madzi akumwa. Galimotoyo ikuyenda bwino ndithu. Vuto lake ndi kuima.

Tsiku loyamba lenileni, ndili ndi apongozi aakazi kumbuyo, ndinaponda buleki pa mdipiti wa magalimoto ku Ginnery Corner, injini n'kungoti zii. Mtima unagwa. Ndinatsitsa galasi n'kukodola anyamata awiri kuti adzakankhe. Asanagwire n'komwe, phazi langa linaterereka pa buleki, injini n'kudzuka yokha ngati mlonda amene wamva bwana akutsokomola. Anyamatawo anafunabe yawo, ati chifukwa ndinawadzutsa pomwe anakhala. Ndinalipira. Apongozi sanalankhule kanthu, koma Lamlungu lotsatira anapempha kuti akwere minibasi.

Pano ndaphunzira. Akuti galimoto ikaima nditaponda buleki, kompyuta yake imadula mafuta kuti injini isamangolira pachabe, ndipo ndikachotsa phazi imailizanso. Koma sichita zimenezi nthawi zonse, ndipo apa m'pamene pali pondipweteka. Injini ikakhala yozizira m'mawa, siizima. Eyakoni ikamalimbana ndi dzuwa la Okutobala, siizima. Batire likafooka, siizima. Ndikaponda buleki monyengerera, nthawi zina siizima. Tsono ndimayenda ndi galimoto yomwe sindidziwa tsiku lomwe yakwiya, ine amene ndinali ndi bwana wotero kale kuntchito.

Batani ndinalipeza, musadandaule. Lili kumanja kwa chiwongolero, lili ndi chilembo A chozunguliridwa ndi muvi, ndi mawu oti OFF. Ndikalidina, kanyali kamayaka pa dashibodi, injini n'kukhala yomvera ulendo wonse. Koma ndikangozimitsa galimoto kuti ndigule tomato, n'kuilizanso, yaiwala zonse zomwe tinapangana. Galimoto yomwe imakumbukira wailesi yomwe ndinasiya dzulo ikulephera bwanji kukumbukira batani limodzi? Mnzanga wina wowerenga akuti n'zadala: opanga amayezetsa kamwedwe ka mafuta ndi utsi chinthuchi chikugwira ntchito, ndiye galimoto iyenera kudzuka nacho nthawi iliyonse. Ngati n'zoona, ndiuzeni. Inenso kuiwala kwanga n'komweko, moti timakumana pa maloboti tonse osakumbukira.

Ndawerengeranso phindu lake, pakuti masamu a ndalama okha ndiwo ndinakhoza. Injini yaing'ono ngati iyi ikamalira galimoto itaima imamwa pafupifupi malita 0.6 pa ola. Kagalasi ka pa dashibodi kamandionetsa nthawi yomwe injini yakhala itazima, ndipo kuchoka ku Chilomoni kupita ku Limbe n'kubwerako zimakwana mphindi 6. Ndiye kuti mamililita 60 patsiku, osadzaza n'kapu ya tiyi yomwe. Pa masiku 22 a ntchito, lita imodzi ndi kadontho. Sindikunyoza lita, Bwana, ndagonapo pamzere wa petulo ine. Koma taonani mbali inayi.

Batire litatha, ndinapita kukagula lina n'kuuzidwa kuti galimoto yanga sidya nsima ya aliyense. Imafuna lolembedwa M-42, lopangidwira kuliza injini kambirimbiri patsiku n'kudzadzanso msanga, ndipo mtengo wake unandiumitsa kukhosi. Ndinachenjera, ndinagula wamba. Kwa miyezi ingapo zinayenda, kenaka kanyali kaja kanayamba kuphethira, injini n'kuleka kuzima. Ndinakondwa, ndinagulira ana fanta. Osadziwa kuti kumeneko kunali kutsanzika kwa batire. Linafera kumaliro, pamaso pa mudzi wonse, ndipo anandikankha ndi adzukulu, makasu ali pambali.

Makaniko wanga wa pansi pa mtengo wa mango ali ndi nzeru zitatu. Yoyamba, kupanikiza batanilo ndi kapepala kopinda kuti likhale lodinika mpaka kalekale. Ndinayesa, kapepala kanagwa pa bampu loyamba. Yachiwiri, kupusitsa kaswichi ka pa boneti kuti galimoto iziganiza kuti boneti ndi yotsekula, poti ikatero siizimitsa injini. Yachitatu sanaifotokoze, anangotulutsa pulayala. Pamenepo ndinakumbukira kuti ndasiya madzi pamoto.

N'chifukwa chake ndabwera kwa inu eni ake. Ndamva kuti magalimoto ena mumawalumikiza kompyuta pa kabowo ka OBD kunsi kwa chiwongolero n'kusintha kuti azikumbukira batani, ndipo ena amawaika kachipangizo kuseri kwa batanilo kodzidinira kokha galimoto ikalira. Yanga imalola ziti? Mukatero, galanti yanu ya pa injini ifa kapena ikhalapo? Nanga batire la M-42 ndidzalifunabe? Mundiyankhe polemba, chifukwa pakamwa munandiuzanso kuti galimotoyi inali ya agogo ena omwe ankangopita nayo kumsika.

Ndibwera Lachisanu m'ma 10 koloko. Mukamva galimoto yazima pageti panu, musatume anyamata.

Ine wanu,
Mwini kagalimoto koyera